Kubusita positi pa Facebook ndi ndalama zochepa: cholinga, anthu ndi malire

Batani la buluu lolembedwa Boost post, limene limaoneka m'munsi mwa mapositi a pa peji yanu, ndi losavuta kudina, ndipo n'chifukwa chake ladyera anthu ambiri ndalama. Mukalidina mumapeza Facebook itakusankhirani kale zonse: cholinga, anthu oti aone, ndalama ndi masiku omwe. Mukangovomera osasintha kanthu, ndalama zimapita ndithu, malaiki n'kubwera ambirimbiri, koma ogula ayi. Sikuti yakuberani. Facebook imapereka chimene mwapempha, ndipo mukapanda kupempha imakusankhirani yokha.

Kuti nkhaniyi isakhale yam'malere, tiyenda ndi chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze mayi wina wa ku Chilomoni mu Blantyre amene amaphika makeke kunyumba. Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, layandikira, ndipo akufuna maoda ena kuwonjezera pa a makasitomala ake akale. Mitengo ndi zotsatira zonse zimene titchule za mayiyu ndi zongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo zanu.

Yambani ndi pepala, foni ikhale pambali

Funso loyamba si lakuti Facebook imafuna zingati, koma lakuti kasitomala mmodzi watsopano mungamugule pa ndalama zingati osaluza.

Mayi wathu amagulitsa keke imodzi pa K35,000. Akachotsa ufa, mazira, majarini, magetsi ndi bokosi, amatsala ndi phindu la K10,000. Uvuni wake ndi manja ake awiri zingakwanitse makeke 12 okha owonjezera m'sabata imeneyo. Pa keke iliyonse walolera kutaya K2,500 kuti apeze wogula, chomwe ndi gawo limodzi mwa magawo anayi a phindu. Ndiye 12 kuchulukitsa ndi K2,500 ikutipatsa K30,000. Imeneyi ndiyo bajeti yonse, ndipo yachokera m'bizinesi mwake, osati m'zimene skirini yamuuza. Kuti masamu aphweke titenge kuti dola imodzi ikumutengera K2,000 akaphatikiza zodula za banki. Inu funsani mtengo weniweni ku banki yanu tsiku limene mukulipira. Apa K30,000 yasanduka $15.

Patsala nambala ina imodzi, ndipo ili kale m'foni mwanu. Tsegulani WhatsApp muwerenge anthu amene anafunsa za katundu wanu mwezi wathawu, kenako muwerenge amene anaguladi. Mayiyu wapeza kuti mwa anthu asanu ofunsa, mmodzi ndiye amatumiza dipoziti. Kuti apeze maoda 12 akufunika anthu 60 omulembera. Mukagawa $15 kwa anthu 60, aliyense asapitirire $0.25, kapena kuti K500. Lembani nambala imeneyi papepala. Ndiyo imene idzakuuzeni, pakatha masiku awiri, ngati mupitirize kapena muyimitse.

Positi yoyenera kuikapo ndalama

Ndalama sizikonza positi yofooka, zimangoionetsa kwa anthu ambiri. Sankhani positi imene yaonetsa kale moyo payokha, imene anthu anafunsapo mtengo musanalipire kanthu. Ngati palibe, lembani yatsopano, muisiye tsiku limodzi, muiwerengenso modekha. Izi n'zofunika chifukwa positi ikangobusitidwa n'kuvomerezedwa, mawu ndi chithunzi chake sizisinthikanso. Mukalakwitsa nambala ya foni kapena mtengo, muyenera kuyimitsa n'kuyambanso ndi positi ina.

Chithunzi chikhale cha keke yanu yeniyeni, yojambulidwa masana pafupi ndi zenera, osati chotola pa intaneti. Mzere woyamba unene chimene mukugulitsa, mtengo ndi dera, popeza mawu ataliatali amadulidwa ndipo ndi ochepa amene amadina See more. Mayiyu angalembe motere: "Keke ya Tsiku la Anakubala, K35,000, mu Blantyre muno. Tikulandira maoda mpaka pa 12 Okutobala. Dipoziti ndi theka. Mudzatenga ku Chilomoni kapena tikupezani m'tauni. Tilembereni pa WhatsApp."

Ena amabisa mtengo dala n'kumayankha aliyense kuti abwere ku inibokosi. Pa positi yaulere ndi nkhani ina, koma pa positi yolipira ine ndimaona kuti n'kudziwotcha. Munthu aliyense wongofuna kudziwa mtengo amene wakulemberani, mwamulipirira. Mtengo ukaonekeratu, amene alibe K35,000 amadutsa mwakachetechete osakudyerani kanthu kambiri.

Ngati ndi vidiyo, isakhale ndi nyimbo ya eniake, chifukwa positi yotero kawirikawiri batani lake silidinika kapena imakanidwa. Pewaninso mawu oloza munthu pa za thupi lake, matenda, chipembedzo kapena ngongole zake, monga kufunsa kuti "Kodi muli ndi matenda a shuga?" Malamulo a Meta, kampani imene ndi mwini wa Facebook, saloleza zimenezo m'zotsatsa.

Konzani za kulipira musanafike pa batani

Akaunti yotsatsira ya munthu wa ku Malawi kawirikawiri imakhala m'madola a ku America. Pa ulendo woyamba mudzafunsidwa dziko, mtundu wa ndalama ndi nthawi ya kwanuko. Sankhani mosamala, pakuti mukadzasintha mtundu wa ndalama kutsogolo, Facebook imatseka akaunti yotsatsirayo n'kukutsegulirani ina.

Mukufunika khadi la Visa kapena Mastercard lololedwa kulipira pa intaneti m'ndalama zakunja. Ndi kusowa kwa ndalama zakunja kumene kulipo m'dziko muno, mabanki amaika malire pa malipiro otere, choncho funsani banki yanu kaye ngati khadi lanu ndi lotsegulidwa komanso malire ake ndi angati. Amene alibe khadi amapempha m'bale kapena munthu wina kuti awabusitire. Zikatero, musampatse pasiwedi yanu. M'patseni mwayi pa peji kudzera pa Page access, wa zotsatsa zokha, ndipo ntchito ikatha mum'chotse. Mufunseninso kuti dola akuiwerengera pa zingati, chifukwa masamu a papepala aja asintha.

Ngati muli ndi iPhone, musabusite kudzera mu apu ya Facebook. Kuyambira mu 2024 kampani ya Apple imatenga 30% pa ndalama zobusitira zolipiridwa mu apu imeneyo. Tsegulani facebook.com pa bulawuza ya foni yomweyo kapena pa kompyuta, mulipire kumeneko, ndipo ndalama yowonjezerayo sikhalapo. Ngakhale pa foni ya Android, kompyuta kapena apu ya Meta Business Suite zimaonetsa zosankha zambiri kuposa Facebook Lite.

Chomaliza, lumikizani nambala yanu ya WhatsApp ku peji. Zimapezeka mu Settings ya peji, pa Linked accounts. Mulemba nambala, akutumizirani kodi, muilemba, basi.

Cholinga: apa ndi pamene ndalama zimapindulira kapena kutayikira

Dinani Boost post. Pamwamba pali Goal, ndipo nthawi zambiri pamakhala palembedwa Automatic. Dinani Change. Mudzaona mayina monga Get more messages, Get more engagement, Get more website visitors, Get more calls ndi Get more leads. Mayinawa amasinthasintha pang'ono malinga ndi mtundu wa positi ndi foni, koma tanthauzo lake ndi lomweli.

Kuti mumvetse kufunika kwake, dziwani mmene Facebook imagawira zotsatsa. Nthawi iliyonse munthu akamatsitsa skirini yake, pamachitika mpikisano wa otsatsa onse amene akufuna munthu ameneyo. Wopambana si wa ndalama zambiri yekha. Facebook imaphatikiza ndalama imene mwaika, ubwino wa chotsatsacho, ndi mwayi woti munthuyo achite chimene inu mwapempha. Ndiye mukapempha Get more engagement, imakasaka anthu amene chizolowezi chawo ndi kulaika ndi kukomenta chilichonse. Anthu otero alipo ambiri ndipo ndi otchipa kuwapeza. Mudzaona malaiki mazanamazana ndi makomenti a "zokongola bwanji", mtima n'kukhala m'malo, koma ambiri mwa iwo sanaganizeko zogula keke. Mukapempha Get more messages, imasaka anthu amene amalemberadi amalonda. Aliyense wa iwo ndi wodulirapo, koma ndi amene mukuwafuna.

Kwa mayi wathu yankho ndi Get more messages, ndipo m'munsi mwake, pamene akufunsidwa kuti mauthenga afikire kuti, asankhe WhatsApp yokha. Akasiya Messenger ndi Instagram zili zochongedwa, mauthenga amwazikira m'mabokosi atatu, ndipo ena adzawaona patapita masiku awiri kasitomala atagula kale kwina. Sankhani kumene mumayankha msanga.

Nanga Get more website visitors? Ngati mulibe webusaiti imene munthu angaguliretu pomwepo, chisiyeni. Kuno kwathu palinso vuto lina. Anthu ambiri amagula bandulo ya Facebook ndi WhatsApp yokha, ndiye akadina linki yotulukira kunja tsamba silitseguka, pamene kudinako kwawerengedwa kale. Get more calls imathandiza amene ntchito yawo ndi yamwadzidzidzi, monga makaniko kapena wokonza mapaipi, bola foni ikhale yoyankhidwa nthawi zonse. Koma keke imafuna kutumizirana zithunzi ndi kulemberana dzina loti lilembedwe pamwamba pake, zomwe n'za pa WhatsApp.

Pansi pake mupeza uthenga wolandirira, umene umadzilemba wokha munthu akadina batani. Umabwera m'Chingerezi. Usintheni ukhale m'chilankhulo cha makasitomala anu, ndipo ukhale wosefa: "Ndikufuna kuoda keke ya K35,000 ya pa 15 Okutobala." Munthu wongodina mwangozi amazengereza kutumiza mawu otere.

Mudzaonanso Special ad category. Imakhudza zotsatsa za ntchito, nyumba, ngongole ndi ndale. Makeke sakhudzidwa, choncho isiyeni yozimitsa. Ngati pali Advantage+ creative, imene imalola Facebook kusintha kuwala kwa chithunzi kapena kasanjidwe ka mawu, ine ndingaizimitse kuti ndidziwe chenicheni chimene anthu akuona.

Anthu: chepetsani dera, musapanikize zina

Pa Audience mupeza zosankha monga Advantage+ audience, People you choose through targeting ndi People who like your Page. Chilichonse chimene mungasankhe, dinani pokonzera muone dera limene laikidwa. Kawirikawiri pamakhala palembedwa dziko lonse la Malawi. Keke siingachoke ku Chilomoni kukafika ku Karonga ili bwinobwino, choncho munthu aliyense wa ku Karonga amene waona positiyo wadya ndalama yosabwerera.

Kulemba kuti Blantyre sikukwaniranso. Mukasankha mzinda, Facebook imajambula bwalo lozungulira mzindawo, ndipo nthawi zambiri limayambira pa makilomita 40. Bwalo lotero lalowa kale mbali zina za Chiradzulu, Thyolo ndi Chikwawa. Mungalichepetse kufika pa makilomita 17, koma osapitirira apo. Njira yabwino ndi kubaya pini pa mapu kapena kulemba malo enieni, chifukwa bwalo la pini limatha kuchepa mpaka kilomita imodzi. Mayi wathu asabaye pini pakhomo pake, popeza Chilomoni ili kumphepete kwa mzinda ndipo theka la bwalo ligwera m'mapiri a Michiru. Abaye cha ku Chichiri, aike makilomita 10. Pamenepo wagwira Ndirande, Zingwangwa, Namiwawa, Nyambadwe, Limbe, m'tauni ndi Chilomoni yemwe, madera amene angafikeko pa minibasi kapena kutumako wa kabaza. Lamulo lake n'lakuti bwalo lithere pamene katundu wanu amathera.

Musadabwe mukalandirabe uthenga umodzi kapena awiri ochokera kutali. Facebook imangoyerekeza kumene munthu ali, ndipo imawerengera amene amakhala m'deralo pamodzi ndi amene angodutsamo posachedwa.

Pa zaka, mayiyu aike 24 mpaka 55. Ogula keke ya Anakubala si anakubalawo, ndi ana awo amene ayamba kugwira ntchito kapena geni. Amuna ndi akazi onse asiyidwe momwemo. Ambiri amathamangira kuchotsa amuna poganiza kuti keke ndi nkhani ya amayi, kuiwala kuti mwana wamwamuna naye ali ndi mayi, ndipo nthawi zambiri ndi amene sadziwa kuphika.

Tsopano Detailed targeting, pamene mumasankha zokonda za anthu. Pamakopa kwambiri, chifukwa munthu umadzimva ngati katswiri ukamawonjezera izi ndi izi. Koma pa dera laling'ono ngati limeneli, pasiyeni popanda kanthu. Anthu a pa Facebook m'bwalo la makilomita 10 ndi owerengeka kale, ndipo mukawasefanso mumatsala ndi kagulu kochepa kamene kadzaona positi yanu kambirimbiri, mtengo n'kukwera. Komanso zokondazo sizinena zimene mukuganiza. Amene Facebook yawaika m'gulu la okonda kuphika makeke, ambiri ndi ophika anzanu, osati ogula. Yang'anani kachizindikiro ka Estimated audience size. Kakalowa kofiira kapena kukuuzani kuti gulu lachepetsetsa, kulitsani bwalo pang'ono kapena tambasulani zaka.

Advantage+ audience imatenga zaka ndi zokonda zimene mwaika ngati malangizo chabe, ndipo imatha kupitirira pamenepo ikaona mwayi, koma dera imalilemekeza. Siyoipa ngati dera mwaliika bwino. Koma pa ulendo woyamba ndi bwino kusankha People you choose through targeting, kuti zotsatira zikabwera mudziwe kuti zachokera kwa yani. People who like your Page ndi ya tsiku limene mukufuna kukumbutsa makasitomala akale. Kwa peji ya anthu mazana ochepa, amenewo mungawapeze ulere pa sitetasi ya WhatsApp.

Pali gulu lina lokoma kuliganizira: Amalawi amene ali ku Joni kapena ku Mangalande, ofuna kutumizira mayi awo keke ku Blantyre. Ndi makasitomala enieni ndithu. Koma musawasakanize m'busiti imodzi ndi a kuno. Kutsatsa m'mayiko amenewo n'kodula, ndipo $15 ingathere kwa anthu amene sadziwa n'komwe kuti Chilomoni n'kuti.

Ndalama, masiku ndi chotsekera

Pa Duration ikani tsiku loyamba ndi lomaliza. Mukaona chosankha choti chotsatsa chiziyenda mosalekeza, monga Run this ad continuously, musachisankhe. Ambiri amene amadandaula kuti Facebook ikungowadula ndalama mwezi ndi mwezi anasiya chimenechi chili choyatsa.

Mayi wathu akutseka maoda pa 12 Okutobala, choncho busiti iyende kuyambira pa 7 mpaka pa 11, masiku asanu. Aitumize pa 6, chifukwa chotsatsa chilichonse chimayamba chaunikidwa. Nthawi zambiri kuunikako kumatha pasanathe maola 24, koma nthawi zina kumachedwerapo.

Kenako onetsetsani bwino ngati bokosi la ndalama lalembedwa Daily budget kapena Total budget. Loyambalo ndi ndalama ya tsiku lililonse, lachiwirilo ndi ya masiku onse pamodzi. Mukalemba 15 m'bokosi la Daily budget kwa masiku asanu, mwavomera $75, osati $15. Mayiyu alembe 3 ngati ndi ya patsiku, kapena 15 ngati ndi yonse, kenako atsike pa Payment summary atsimikize kuti chiwerengero chomaliza ndi $15. Ngati pali msonkho uonekera pomwepo.

Bwanji osaika $15 yonse tsiku limodzi, kapena $1 kwa masiku 15? Facebook imaphunzira kuchokera kwa anthu oyamba kuyankha, n'kumasaka ofanana nawo. Tsiku limodzi silipereka mpata wophunzira, ndipo inunso simungayankhe anthu 60 bwinobwino uku manja ali mu ufa. Dola imodzi patsiku, imene ili pafupi ndi ndalama yochepetsetsa imene amalola, imabweretsa mauthenga ochepa moti sabata imatha musanadziwe ngati zikuyenda. Masiku anayi mpaka asanu ndi awiri ndiwo pakatikati pabwino pa bajeti yotere. Manambala a Estimated daily results amene amaoneka pambali ndi kuyerekeza chabe, si lonjezo.

Dziwaninso kuti ndalama ya patsiku si mpanda wolimba. Meta imanena kuti tsiku lina ingathe kupyola ndi 75%, n'kudzachepetsa masiku ena, koma pa sabata yonse siipitirira ndalama ya patsiku kuchulukitsa ka 7. Choncho mayiyu akaona $4.50 yapita tsiku loyamba, asachite mantha.

Mpanda wolimba uli kwina, ndipo ambiri saudziwa. Lowani mu Billing & payments, pa Payment settings, mupeze Account spending limit. Ikani 15. Akaunti yonse ikangowononga ndalama imeneyo, zotsatsa zonse zimaima, kaya munalakwitsa bokosi, kaya munaiwala busiti yakale ikuyendabe. Zili ngati magetsi ogula mayunitsi: akatha amazima okha. Kumbukirani kuti mukadzafuna kubusitanso mwezi wamawa muyenera kudzakweza malirewo kapena kuwayambitsanso, apo ayi chotsatsa chatsopano chidzavomerezedwa koma osayenda.

Musasokoneze malire amenewa ndi Payment threshold. Iyo ndi mlingo umene ngongole yanu ikafikapo Facebook imadula pa khadi. Pa akaunti yatsopano umayambira pansi kwambiri, monga $2, n'kumakwera mukamalipira bwino. N'chifukwa chake m'malo mwa uthenga umodzi wa $15 wochokera ku banki, mulandira timauthenga tingapo ta ndalama zing'onozing'ono, ndipo kotsala kadzadulidwa pa tsiku la bilu. Mukaphatikiza zikwana. Koma khadi likakanidwa ngakhale kamodzi, zotsatsa zimaima mpaka mutalipira, choncho mu akaunti ya ku banki mukhale ndalama yonse kuyambira tsiku loyamba, ndi kapamwamba ka zodula za banki.

Zonse zikakhala bwino, onani chithunzithunzi cha chotsatsacho, mudine Publish kapena Boost post now.

Masiku awiri oyamba, kenako chigamulo

Poyamba palembedwa In review, kenako Active. Pakalembedwa Rejected, werengani chifukwa chake. Ngati mukuona kuti alakwitsa, pemphani kuti aunikenso. Ngati vuto ndi mawu kapena chithunzi, konzani positi ina. Musamangotumiza chomwecho mobwerezabwereza, akaunti ingatsekedwe.

Ikayamba kuyenda, isiyeni masiku awiri osaigwira. Kusintha dera lero, zaka mawa, kumaibwezera poyambira. Ntchito yanu masiku amenewa ndi kuyankha msanga, ndi kulemba m'kope aliyense wofunsa: ali kuti, ndipo watumiza dipoziti kapena ayi. Facebook imawerenga mauthenga, koma ndalama imene yalowa pa Airtel Money kapena Mpamba siyiona. Imeneyo muwerenga ndinu.

M'mawa wa tsiku lachitatu dinani View results. Malaiki asakutengeni mtima. Onani Amount spent, Reach, Messaging conversations started ndi Cost per messaging conversation started. Tinene kuti mayi wathu wawononga $6.

Ngati anthu 30 amulembera, aliyense wamutengera $0.20, pansi pa malire ake a $0.25. Asanu mwa iwo atumiza dipoziti, ndiye oda iliyonse yamutengera $1.20, kapena K2,400, pamene analolera K2,500. Zikuyenda. Asakweze bajeti chifukwa cha chimwemwe. Pa liwiro limeneli $15 imupatsa maoda pafupifupi 12, omwe ndi malire a uvuni wake.

Ngati amulembera 40 koma dipoziti ndi imodzi yokha, Facebook iziona ngati zapambana, pakuti uthenga uliwonse ndi $0.15 basi. Kope likunena zina: oda imodzi yadya $6, yomwe ndi K12,000, kuposa phindu la keke yonse. Awerenge mauthengawo. Ngati ambiri ali ku Zomba kapena ku Lilongwe, dera silinakhale bwino. Ngati akungofunsa mtengo n'kusowa, mtengo sukuoneka pa mzere woyamba kapena wapitirira matumba a anthu amene akuwafikira. Ngati anawayankha patapita maola asanu, vuto si la Facebook.

Ngati positi yafikira anthu masauzande koma olemba ndi anayi okha, aliyense wadya $1.50, kasanu ndi kamodzi kuposa malire. Apa vuto ndi positi yeniyeniyo. Anthu akuiona koma sikuwaimitsa. Kuwonjezera ndalama sikungathandize. Ayimitse, ajambule chithunzi china, akonze mzere woyamba, ayambenso ndi $9 yotsalayo kwa masiku atatu.

Ndipo ngati Amount spent ili pa 0 kapena pafupi, aone zinthu zitatu motsatana: ngati khadi lakanidwa, ngati Account spending limit yadzaza ndi zotsatsa zakale, ndi ngati gulu la anthu analichepetsa mopitirira.

Poyimitsa, musafufute positi. Lowani mu Ad Center kapena mu Meta Business Suite muzimitse kabatani ka chotsatsacho, palembedwe Paused. Mumalipira zokhazo zimene zagwira ntchito kale. Chitaninso chimodzimodzi maoda akakwana tsiku lisanafike: mayiyu akafika pa makeke 12 pa 10 Okutobala, ayimitse pomwepo, ndalama yotsala isathere pa anthu amene awakanize.

Chenjezo limodzi lokhudza masiku omwewa. Mukangoyamba kubusita, ku inibokosi ya peji kumayamba kufika mauthenga odzitcha kuti ndi ochokera ku Meta, ali ndi chizindikiro cha kampaniyo, onena kuti peji yanu itsekedwa pasanathe maola 24 mukapanda kudina linki. Ndi akuba. Akufuna pasiwedi yanu kuti atsatse zawo pa khadi lanu. Nkhani zoona za akaunti yanu zimaoneka mu Business Support Home, osati mu Messenger. Musadine linkiyo, ndipo yatsani Two-factor authentication pa akaunti yanu, kuti wolowa azifunsidwa kodi kuwonjezera pa pasiwedi.

Tsiku lomaliza likadutsa, tsimikizani kuti palembedwa Completed, kenako mu Payment activity yerekezani malisiti ndi zimene banki yadula. Lembani m'kope ndalama yonse imene yapita m'makwacha, chiwerengero cha olemba ndi cha ogula, ndi madera amene ogulawo anachokera. Ngati asanu ndi atatu mwa ogula 12 anali a ku Ndirande ndi ku Nyambadwe, pa Khirisimasi pini idzabayidwe kumeneko, ndipo bwalo lidzachepe kufika pa makilomita asanu.